Ndawina mlandu koma munthu sakulipira: mafunso ndi mayankho a kuno ku Mangochi

Mafunso awa ndi amene anthu amandifunsa kawirikawiri ndikamawaperekeza ku khoti la majisitileti pa boma pano, ambiri ndi amayi a geni ya usipa, eni maboti, a mashopu a ku Namwera ndi ku Monkey Bay. Munthu amatuluka mukhoti akusekerera kuti wawina, pakatha miyezi itatu mumpeza nkhope yagwa, pepala la chigamulo lili m'chikwama koma ngakhale K1,000 sanaione. Ndiye ndati ndilembe pamodzi zimene ndimawauza.

Majisitileti anagamula kuti andilipire. Ndiye ndizingodikira kuti khoti lindiitane ndikatenge ndalama?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene ambiri amatayira nthawi. Khoti likagamula, mbali yake yoyamba yatha, silimuka lokha kukafufuza kuti munthu uja ali ndi chiyani komanso wachiika kuti. Tsiku limene anamupatsa kuti alipire likadutsa, ndi inuyo woyenera kubwerera kwa kalaliki wa khoti lomwelo, ndi nambala ya mlandu wanu, kukanena kuti sanalipire ndipo mukupempha waranti yolanda katundu. Pali kandalama kolipira, mulandire risiti ya boma ndipo muisunge, chifukwa zimene mwawononga potsatira chigamulo zimatha kuwonjezeredwa pa ngongole yake.

Warantiyo imapita kwa masherifu. Iwowa ndi amene lamulo linawapatsa mphamvu yolanda katundu pa milandu ya ngongole, osati apolisi, osati amfumu, osati inuyo. Koma masherifu sadziwa kuti boti la munthu wanu limakocheza doko liti, kapena njinga yake yamoto ikuyenda kabaza siteji iti. Amapita kumene mwawalozera. Mukawalozera bwino ntchito imatheka tsiku limodzi, mukangowauza kuti "amakhala cha ku Makawa" ndiye kuti mwawatuma ulendo wa chabe ndipo ndalama ya mayendedwe yapita.

Masherifu akafika pakhomo pake chimachitika ndi chiyani kwenikweni?

Amamuonetsa waranti, kumuuza ndalama yonse imene ikufunika. Akalipira pompo nkhani yatha, ndipo musadabwe, anthu ambiri amene ankalumbira kuti alibe kanthu ndalama imapezeka tsiku limenelo, foni ziwiri zitatu kwa abale basi. Akalephera, masherifu amalemba mndandanda wa katundu amene alanda, chimodzichimodzi, nkumutenga kukasunga. Sagulitsa tsiku lomwelo, pamakhala masiku oti mwini wake athe kuwombola katunduyo polipira. Akapanda kutero amagulitsa pa okushoni.

Apa ndifotokoze ndi manambala chifukwa ndi pamene mitima imasweka. Tiyerekeze mayi wa geni anapereka K900,000 kwa mwini boti kuti azimupatsa usipa nyengo yonse, usipa sunabwere, khoti lagamula kuti abweze K900,000 yo. Masherifu apita, apeza filiji, wailesi ya kanema, sofa ndi solala. Mayi uja m'mutu mwake akuwerengera mitengo ya mushopu, akuti zimenezi zikwana. Koma pa okushoni anthu amagula motchipa, katundu ndi wogwiritsidwa kale ntchito, tinene kuti zonse zapita pa K400,000. Pa ndalama imeneyo ayamba achotsa kaye zolipira masherifu, galimoto imene inanyamula katundu, kosungira ndi wogulitsa. Mayi uja mwina alandira K300,000 kapena kucheperapo. Yotsalayo sinafe, ngongole ikadalipo ndipo atha kutsatiranso katundu wina, koma taonani kusiyana kwake akanakhala kuti anawalozera injini ya boti. Injini imodzi yabwino imaposa katundu yense wa pabalaza, ndipo chachikulu nchakuti mwini boti sangagone injini yake ili kwa masherifu, alovi ake, anyamata opita nalo botilo panyanja, akhala pansi, aliyense pa doko akudziwa. Amathamanga yekha kukasaka ndalama.

Ndiye musanapemphe waranti dzifunseni kuti ndi chinthu chiti chimene munthuyu sangapirire kukhala opanda. Ndipo katundu akagulitsidwa ndalama nkupitirira ngongole ndi zolipira zija, yotsalayo imabwerera kwa iye, si yanu.

Amatenga chilichonse?

Ayi. Zovala ndi zofunda za iye ndi banja lake sazitenga, ndipo satenga katundu wa munthu wina amene sali pa mlanduwo. Ine ndimawauzanso anthu kuti musakakamire mapoto ndi mphasa, pa okushoni sizibweretsa kanthu, mungosiya ana akulira ndipo mudzi wonse ukudani inuyo.

Atangomva kuti waluza anasamutsa injini ndi ukonde wa chilimira usiku, pano akuti ndi za mlamu wake. Nditani?

Ili ndiye funso lalikulu, ndipo ndikhalapo pang'ono. Kuno kubisa katundu nkosavuta, boti lichoka ku Malindi usiku mmawa lakocheza ku Makanjira, njinga yamoto idutsa pa Chiponde ili ku Mandimba ku Mozambique kumene waranti ya khoti la kuno ilibe mphamvu, ng'ombe zikalowa m'khola la amalume ake. Njira yodziwika kwambiri ndi yomweyi ya kunena kuti "si zanga izi, nza alamu".

Choyamba dziwani kuti mawu okha sakwanira. Masherifu akalanda injini, mlamu uja nkubwera kuti ndi yake, sikuti amangomubwezera pompo. Nkhaniyo imapita kukhoti, kugulitsa kumaima kaye, ndipo mlamuyo amayenera kuonetsa umboni kuti injiniyo ndi yakedi: anaigula liti, kwa ndani, ndalama zingati, risiti ili kuti, ndalamazo anazitenga kuti. Inunso mumapatsidwa mpata woonetsa kuti ndi bodza. Ndiye mlandu wachiwiriwu amawina ndi amene anakonzekera.

Ndinaona mayi wina wa kuno amene anachita bwino kwambiri pa nkhani ngati imeneyi. Nthawi imene ankapereka ndalama kwa mwini boti anajambula chithunzi pa doko, iye ataima pafupi ndi boti, ndipo pa chithunzipo injini inkaoneka ndi chivundikiro chake chosweka pakona chomangidwa ndi waya. Analinso ndi uthenga wa pa foni umene bambo uja analemba yekha kuti ndalamazo akufuna akonzetsere "injini yanga". Mlamu atabwera ndi kalata yolemba pamanja yoti anagula injiniyo, tsiku la pakalatapo linali la sabata yomwe chigamulo chinaperekedwa, mtengo wake wochepa moti ngakhale mwana sangakhulupirire, ndipo amene ankapitabe nayo panyanja, kugula petulo ndi kugawa ndalama kwa alovi anali bambo yemwe uja. Majisitileti anangofunsa mafunso atatu anayi, mlamu anasowa chonena.

Mukaona nkhani imeneyi zizindikiro za kugulitsa kwa bodza zili poyera. Wogula ndi m'bale kapena mnzake wapamtima. Tsiku logulitsa lili pafupi ndi tsiku la samani kapena la chigamulo. Mtengo ndi wongoyerekeza kapena palibe umboni kuti ndalama inasinthadi manja. Ndipo katunduyo akugwiritsidwabe ntchito ndi mwini wake wakale. Khoti lili ndi mphamvu yokana kugulitsa kotere ngati cholinga chinali kuthawa ngongole. Koma ngati anagulitsadi kwa munthu wachilendo amene analipira mtengo woyenera osadziwa za mlandu wanu, pamenepo nkovuta kuti katunduyo abwerere, chimene mungatsate ndi ndalama imene analandirayo kuti inapita kuti.

Umboni mumaupeza kuti? Injini iliyonse ili ndi nambala yake pa chitsulo, ilembeni mukadali pa ubale wabwino, musanayambe nkukangana komwe. Akomiti ya pa doko amadziwa boti lililonse mwini wake, ndipo zida za usodzi zimakhala ndi chiphaso cha ku ofesi ya za nsomba chimene chili ndi dzina. Makaniko amene amakonza injiniyo amadziwa amene amamulipira. Galimoto ndi njinga yamoto zili ndi bulubuku, ndipo kusintha dzina ku ofesi ya za pamsewu kumasiya tsiku limene anasinthira. Ng'ombe amazidziwa ndi abusa komanso amfumu. Vuto ndi lakuti anthu ambiri amadziwa koma safuna kukaima mukhoti kutsutsana ndi mnansi wawo, ndiye pepala ndi chithunzi zimathandiza kuposa lonjezo la munthu loti "ndidzakuikirani umboni".

Chinanso, ndipo ichi ndimachinena mobwerezabwereza: tsekani pakamwa. Anthu amatuluka mukhoti nkumalengeza pa msika kuti "Lachisanu ndikubwera ndi masherifu, aona". Mwamupatsa masiku anayi oti asamutse zonse. Fufuzani mwakachetechete, tsimikizani kuti chinthucho chili pamalopo tsiku limenelo, kenako muperekeze masherifu.

Nanga ndikalakwitsa, nkulozera katundu amene ndi wa mlamuyo zoona?

Zikhoza kukutembenukirani. Katunduyo abwerera kwa mwini wake, ndalama zimene zawonongeka zitha kugwera inu, ndipo mwiniyo atha kukusumirani chifukwa chomuimitsira ntchito. Chimodzimodzi katundu wa mkazi wake, ngati makina osokera anagula yekha ndi ndalama za ku banki mkhonde, ngongole ya mwamuna siigwira makinawo. Onaninso dzina limene lili pa chigamulo. Ngati munasumira kampani, katundu wa kunyumba kwa mwini kampaniyo simungangomulanda, pamaso pa lamulo awa ndi anthu awiri osiyana.

Ndikudziwa kuti ali ndi ndalama ku banki, kapena pali amene amamulipira. Zimenezi zingagwidwe?

Eya, ndipo nthawi zambiri njira imeneyi ndi yaukhondo kuposa kunyamula masofa. Maloya amaitchula kuti ganishi. Mumapempha khoti kuti lilamule munthu wachitatu amene akusunga ndalama za wangongole wanu, kaya ndi banki, kaya ndi loji ya ku Cape Maclear imene anaiperekera chambo koma sinamulipire, kaya ndi wa lendi m'nyumba yake, kuti asamupatse iyeyo koma apereke kwa inu. Zimayenda pawiri. Lamulo loyamba limangomanga ndalamazo kuti zisatuluke, ndipo limapemphedwa iye asakudziwa. Kenako pamakhala tsiku loti onse abwere, banki inene kuti muli zingati, iyenso anene ngati ali ndi chifukwa chokanira, ndiye khoti nkulamula kuti ziperekedwe.

Malire ake ndi awa. Muyenera kudziwa banki yake, ndipo njira yosavuta ndi kuyang'ana mmene munkalipirirana kale, kasilipi kodipozitira kapena uthenga wa pa foni. Lamulolo limagwira ndalama imene ili mu akaunti nthawi imene banki yalandira pepala, ndiye mukalipereka iye atatapa dzulo lake mupeza K3,000. Nthawi ndiyo nkhani. Mwini boti amakhala ndi ndalama mdima wa usipa ukayenda bwino, osati mwera ukuwomba mu Juni ndi Julayi maboti ali pamtunda. Mlimi wa ku Namwera amakhala nazo akagulitsa fodya kapena chimanga. Wapantchito ndi kumapeto kwa mwezi, ndipo kwa ameneyu mutha kupempha khoti kuti ndalama izidulidwa pa malipiro ake pang'onopang'ono. Akaunti imene ili m'dzina la mkazi wake kapena mwana wake siigwidwa ndi chigamulo cha iyeyo pokhapokha mutaonetsa kuti ndalamazo ndi zake anangozibisako.

Akungoti alibe, ine sindikudziwa ngati akunama. Pali njira yomufunsira?

Ilipo, ndipo anthu saigwiritsa ntchito mokwanira. Mutha kupempha khoti kuti limuitane adzafotokoze atalumbira za chuma chake: amapeza bwanji ndalama, ali ndi chiyani, wagulitsa chiyani chiyambire mlandu, ndani ali naye ngongole. Inu mumaloledwa kumufunsa. Musapite ndi funso loti "muli ndi ndalama?" chifukwa yankho mukulidziwa kale. Pitani ndi mafunso a zinthu zimene mwaziona ndi maso: boti lobiriwira lija munkakwera mu Epulo lili kuti, munagulitsa kwa ndani, ndalama yake munaika kuti, nyumba mukumanga ku Mpondasi malata ake 40 munagula ndi chiyani. Kunama utalumbira ndi mlandu paokha, ndipo kukana kubwera khoti litakuitana ndi kunyoza khoti, pamenepo munthu atha kumangidwa.

Ndiye bwanji osangomumanga mpaka alipire?

Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, mu gawo 19 amanena kuti munthu asaikidwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa zimene anagwirizana ndi mnzake. Kusauka si mlandu. Amene khoti lingamulange ndi amene ali nazo koma akukana dala kumvera lamulo la khoti, kapena akutchinga masherifu, kapena wabweza mwakuba katundu amene analandidwa kale. Kupita naye ku polisi kuti akamuopseze sikuthandiza, ngongole si nkhani ya polisi pokhapokha ngati anakuberani mwachinyengo kuyambira pachiyambi. Ndalama zosamalira ana zili ndi malamulo akeake olimba kuposa apa, imeneyo ndi nkhani ina.

Nanga ngati alibedi kanthu, masherifu apita abwerako manja ali zii?

Zimachitika, ndipo zimawawa, makamaka ngati ndalamayo inali mpamba wanu wonse kapenanso munaikongola ku gulu. Masherifu amalemba lipoti kuti sanapeze katundu. Chigamulo chanu sichinafe, koma apa ndimawalangiza anthu kuti asiye kuthira ndalama zabwino pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu wopanda chatsopano, chifukwa ulendo uliwonse ndi inu mukulipira.

Chimene chimagwira ntchito ndi kulipira pang'onopang'ono, koma kolembedwa ndi khoti, osati kwa pansi pa mtengo. Pa K600,000 yotsala ya mayi wa geni uja, K50,000 pamwezi ndi miyezi 12. Kwa msodzi ndi bwino kugwirizana motsata nyengo, yambiri miyezi ya usipa, yochepa nthawi ya mwera, kusiyana ndi kumuikira nambala imene aphonye mwezi wachiwiri. Pemphani kuti mulembedwe kuti akaphonya kamodzi kapena kawiri ndalama yonse yotsala ifunika nthawi imodzi ndipo waranti ituluka. Azilipira kudzera kukhoti kapena pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pazikhala umboni wa tsiku ndi ndalama, za m'manja popanda risiti zimabala mkangano wina. Ngati pali m'bale wake amene akuti amuimira, asaine pepala, chifukwa popanda kusaina simungamugwire. Ndi Malawi wa lero ndalama ikuchepa mphamvu mwezi ndi mwezi, ndiye nthawi zina kulandira K450,000 lero nkutseka nkhani kuli bwino kuposa kudikira K600,000 zaka zitatu, koma chisankho chimenecho ndi chanu, wina asakukakamizeni.

Ndipo muzimuyang'anabe. Munthu amene alibe kanthu chaka chino atha kupita ku Joni nkubwerako ndi galimoto. Musalole zaka zambiri kudutsa osachitapo kanthu pa fayilo yanu, chifukwa chigamulo chikakalamba pamafunika chilolezo cha khoti kuti chitsatidwenso, ndipo lamulo limaika malire a nthawi. Pali lamulo la 2016 lolengeza munthu kuti wagwa pa chuma, koma zimenezo zimachitikira ku khoti lalikulu, zimafuna loya, ndipo katundu akapezeka mumagawana ndi ena onse amene ali nawo ngongole. Pa ngongole ya geni ya usipa sindingakulangizeni njira imeneyo.

Ali ndi nyumba ndi malo m'mbali mwa nyanja. Sangagulitse zimenezo?

Malo ndi nkhani yolemera, si ya masherifu kungofika nkuyamba kuitanira ogula. Ngati malowo ali ndi lizi m'dzina lake, khoti lalikulu litha kuika chiletso pa malowo kuti ngongole yanu ikhale pamenepo, asagulitse osakulipirani, kenako nkupempha kuti agulitsidwe. Kwa ife a Mangochi khoti lalikulu lapafupi lili ku Zomba, ndipo apa mufunika loya, kapena a Ligo Edi ngati simungakwanitse kulipira. Fufuzani kaye ngati malowo sanawaike kale chikole ku banki, chifukwa banki ndiyo iyambe kutenga. Koma malo ambiri kuno ndi a makolo, a mbumba yonse, ndipo mwamuna amene ali pa chikamwini nyumba imene akukhalayo ili pa malo a kwa mkazi wake. Amenewo musawawerengere.

Wanena kuti wachita apilo ndiye masherifu asabwere. Ndi zoona?

Apilo payokha siimitsa chigamulo. Amayenera kupempha padera kuti khoti liimitse kulanda katundu, ndipo akapatsidwa pamakhala pepala losainidwa ndi khoti. Mufunseni akuonetseni, kapena kafunseni kwa kalaliki. Akapempha zimenezi inu muli ndi ufulu wonena kuti ngati ndi choncho ndalamayo aisungitse kukhoti mpaka apilo ithe, makamaka ngati muli ndi umboni kuti wayamba kale kusamutsa katundu.

Ine ndatopa nazo, ndingopita ndi anyamata anga kukatenga injiniyo ndekha?

Chonde musatero. Ndikumvetsa mkwiyo wake, munthu akudya ndalama zanu akudutsa pakhomo panu tsiku ndi tsiku pa njinga yatsopano. Koma chigamulo sichikupatsani mphamvu yolowa pakhomo pa munthu. Mukatero iye athamangira ku polisi, inu mutsekeredwa pa mlandu wa kuba kapena kuthyola, ndipo amene anali wangongole asanduka wodandaula. Ndinaonapo bambo wina wa shopu atagona masiku awiri m'chitokosi chifukwa cha njinga ya kabaza imene anailanda pa siteji, pomaliza anaibweza, nkulipiranso masiku amene mnyamata uja sanagwire ntchito. Anyamata anuwo atumeni ntchito ina, akaone kuti boti likukocheza doko liti, nthawi yanji, injini akuisunga nyumba iti ikatsika m'madzi, ajambule, abwere akuuzeni, inu mupite nazo kwa masherifu.

Wamwalira asanamalize kulipira. Basi zatha?

Sizinathe. Ngongole imalipidwa kuchokera pa chuma chamasiye abale asanagawane, ndiye dziwitsani msanga amene akuyendetsa chumacho, polemba kalata, mutaphatikiza kope ya chigamulo ndi mndandanda wa zimene analipirapo kale. Dikirani maliro ndi sadaka zidutse, pitani mwaulemu kudzera kwa mwini mbumba kapena amfumu, koma musachedwe mpaka boti ndi maukonde zitagawidwa. Ngati sanasiye kanthu, mkazi wake ndi ana ake sakakamizidwa kulipira kuchokera m'thumba mwawo pokhapokha ngati anasainira nawo ngongoleyo.